Lipoti la msonkhano wa ogulitsa katundu pa WhatsApp

Amayi ndi abambo, zikomo pondituma ku msonkhano uja. Nkhani imene tinakhalitsapo ndi yotsimikiza kuti ndalama zalowadi katundu asanachoke m'manja mwathu.

Mayi wina wogulitsa nsapato anafotokoza zimene zinamuchitikira. Kasitomala anaona nsapato pa Status, anagwirizana mtengo, kenako anatumiza chithunzi cha uthenga woonetsa kuti walipira. Posakhalitsa pafoni ya mayiyo panalowa uthenga wooneka ngati wa kampani yotumizira ndalama, koma ndalama zake zinali zoposa mtengo. Foni inalira nthawi yomweyo: "Mayi, ndalakwitsa, mundibwezere zapamwambazo msanga." Mayiyo anayamba waona balansi yake, n'kupeza kuti sipanalowe kanthu. Atayang'anitsitsa, uthenga uja unachokera ku nambala wamba, pomwe mauthenga enieni a kampaniyo amabwera ndi dzina lake.

Choncho chithunzi chochokera kwa kasitomala si umboni, chifukwa kuchisintha n'kosavuta. Tsegulani akaunti yanu nokha, muone ngati balansi yakwera, ndiponso ngati dzina la wotumiza, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya malipirowo zikufanana ndi zimene iye wanena. Akati watumiza zambiri molakwitsa, alankhule ndi kampaniyo. Wina akamakufulumizitsani kwambiri, pamenepo mpofunika kudekha. PIN yanu musauze munthu, ngakhale atati ndi wa kukampani.

Pa zithunzi anatilangiza kujambula katundu weniweni amene tili naye, powala masana, osakometsera mtundu. Ngati nsapato yakandika pachidendene, jambulani pomwepo pafupi. Chimene ambiri tinali tisanachiganizire n'chakuti Status imazimiririka pakatha maola 24, ndiye mkangano ukabuka mawa lake chithunzi chija palibe. Munthu akangofunsa, mutumizireninso chithunzicho ku inibokisi pamodzi ndi saizi, mtundu ndi mtengo.

Za katumizidwe zilembedwe mu uthenga umodzi: tsiku, malo olandirira, amene anyamule, ndi amene alipire thiransipoti. Kasitomala ayankhe molemba kuti wavomera, chifukwa zogwirizana poyimba foni aliyense amadzazikumbukira mwa iye yekha. Phukusi lijambulidwe lisanatsekedwe komanso popereka kwa wonyamula. M'magulu tiziikamo malonda okha. Mauthenga a malipiro, okhala ndi mayina ndi manambala a anthu, asamaponyedwe pagulu.

Pamene sitinamvane ndi pa nthawi yolipira. Ena anati ndalama zonse ziyambe zalowa, ena anati kasitomala watsopano nayenso amaopa kuberedwa. Ine ndikuona kuti wakutali azilipiriratu gawo lokwanira thiransipoti yopita ndi yobwerera, zotsalazo amalize katundu akafika, koma wonyamula asapereke phukusi ife tisanamuimbire kuti balansi yakwera. Ndikupempha kuti tikadzakumana tidzagwirizane chimodzi pa mfundo imeneyi, kuti tonse tiziuza makasitomala zofanana.