Lipoti la msonkhano: kuyesa chovala pa chithunzi

A Wapampando ndi mamembala nonse, zikomo pondituma. Pa zonse zimene zinakambidwa ndasankha chimodzi chimene chikutikhudza ife ogulitsa zovala: mmene pulogalamu ya pakompyuta imavekera munthu chovala pa chithunzi, komanso pamene imasocheretsa.

Pamafunika zithunzi ziwiri, cha munthu ataimirira ndi cha chovala chitayalidwa bwino. Pulogalamu imayamba yapeza pamene pali mapewa, zigongono ndi chiuno. Kenako imafufuta chovala chimene munthuyo wavala, n'kusiya nkhope, tsitsi ndi zikhatho, ndipo malo ofufutidwawo ndi amene imadzazamo chovala chatsopano. Njira zakale, monga CP-VTON ya 2018, zinkakoka ndi kupinda chithunzi cha chovala mpaka chigwirizane ndi thupi. Zatsopano, monga TryOnDiffusion ya Google ya 2023, zimajambula chovalacho mwatsopano potengera chithunzi chake, makwinya ndi mithunzi yomwe.

Kufufutako ndiye pagona nkhani. Ku msonkhanoko anationetsa chithunzi cha mayi wovala juzi yothina ya manja aatali, yemwe ankamuyesa malaya otakasuka, a mizeremizere, a manja aafupi. Atafufuta motsatira m'mphepete mwa juzi basi, malaya aja anatuluka othina ngati juzi yomweyo, chifukwa analibe malo oti atambasukire, ndipo ulusi wa juzi unatsalira m'khosi. Atakulitsa malo ofufuta, malaya anagwa bwino m'chiuno, koma tsopano pulogalamu inayenera kupeka mikono imene sinaionepo. Khungu la pamkono linasiyana pang'ono ndi la pachikhatho, ndipo wotchi ya mayiyo inasowa.

Mizere ija ndi mboni yabwino, choncho poyesa pulogalamu iliyonse muziyamba ndi nsalu ya mizere kapena ya zilembo. Mizere ikatalikirana pachifuwa n'kupanikizana m'khwapa, dziwani kuti chithunzi changokokedwa. Zilembo zikasanduka zosawerengeka, kapena mabatani akachuluka kuposa a pa chovala chenicheni, ndiye kuti yapeka. Onaninso makwinya: ayenera kuchokera pamene nsalu yakokeka, m'khwapa ndi pachigongono, ndipo mithunzi yake igwere mbali imodzi ndi ya pankhope. Munthu akapinda manja pachifuwa zolakwika zimachuluka, poti manjawo amaphimba chovala.

Chimene chinandikhudza mtima n'chakuti pulogalamu yongolandira zithunzi ziwirizi siyeza thupi. Sidziwa masentimita a chifuwa, kulemera kwa nsalu, kapena ngati imatamuka. Diresi laling'ono ndi lalikulu la mtundu umodzi lingaoneke lokwana bwino pa munthu yemweyo, kasitomala n'kugula lomuthina, kenako n'kulibweza atakhumudwa nafe.

Pempho langa ndi lakuti tikayamba kugwiritsa ntchito njirayi, pansi pa chithunzi chilichonse tizilemba miyeso ya chifuwa, chiuno ndi kutalika kwa chovala. Tikambiranenso pa msonkhano wathu wotsatira za chilolezo cha makasitomala, ndi nthawi imene tizisunga zithunzi zawo tisanazifufute.