Lipoti kwa aphunzitsi a sayansi a ku Mzuzu: kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja yamchere

Apampando ndi aphunzitsi anzanga, ku msonkhano umene munandituma ndinatengako mfundo imodzi imene ndikuona kuti itithandiza m'kalasi. Tikauza ana kuti mwezi umakoka madzi n'kulekera pomwepo, wochenjera amafunsa kuti nanga bwanji madziwo amakwera kawiri pa tsiku.

Chimene chimakweza madzi ndi kusiyana kwa kakokedwe ka mwezi pa mbali ziwiri za dziko. Madzi a mbali yoyang'anana ndi mwezi amakokedwa kwambiri kuposa dziko lenilenilo, ndiye amatundumuka. Madzi a kuseri amakokedwa mochepa poyerekeza ndi dziko, ndiye amatsalira, nawonso n'kutundumuka. Dziko likamazungulira, gombe limadutsa m'malo awiri onsewo, motero madzi amakwera pakatha maola 12 ndi mphindi 25. Mawa lake amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, chifukwa mwezi nawo umakhala utasuntha.

Tinachedwa pa nkhani ya dzuwa, ndipo m'pake. Dzuwa limalemera kuposa mwezi nthawi pafupifupi 27 miliyoni, koma lili kutali nthawi 390 kuposa mwezi. Kusiyana kwa kakokedwe kuja kumachepa msanga mtunda ukamakula, ndipo powerengera mtundawo umalowa katatu: 390 × 390 × 390, zimene zikupereka pafupifupi 59 miliyoni. Gawani 27 ndi 59, mupeza 0.46. Ndiye kuti pa ntchitoyi dzuwa silifika ndi theka lomwe la mphamvu ya mwezi.

Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, dzuwa, dziko ndi mwezi zimakhala pamzere umodzi ndipo mphamvu zimaphatikizana: 1 kuwonjezera 0.46 ndi 1.46. Madzi amakwera kwambiri, ndipo chimene ambiri timaiwala kunena, amaphweranso kwambiri. Pakapita sabata, mwezi ukamaoneka theka, dzuwa limakokera cham'mbali, kudzaza pamene mwezi ukuphwetsa: 1 kuchotsa 0.46 ndi 0.54. Apa madzi amakwera pang'ono n'kutsika pang'ono. Kusiyana kwa 1.46 ndi 0.54 n'kwakukulu, pafupifupi katatu, ngakhale kuti pagombe penipeni kuya kwa nyanja ndi kakhalidwe ka gombelo zimasintha manambalawa. Ku Beira, pamene madzi ndi osaya, kukwera kwakukulu kumafika mamita pafupifupi 6.

Wina anafunsa za ku Nkhata Bay. Nyanja yathu ndi yaing'ono poyerekeza ndi dziko, choncho mwezi umaikoka pafupifupi mofanana paliponse, ndipo kukwerako sikuoneka ndi maso. Madzi akadzadza kumeneko ndi mvula, ndipo mafunde aakulu ndi mwera.

Pempho langa, Apampando, n'lakuti tikadzakumananso aliyense adzabwere ndi kalendala yosonyeza mwezi, tidzalembe limodzi masiku a kukwera kwakukulu a teremu ikubwerayi.