Dandaulo: uthenga wanu wa tsiku ndi tsiku ukuwerenga katundu wosamutsidwa ngati wogulitsidwa

Kwa inu eni pulogalamu yowerengera katundu imene timalipira mwezi ndi mwezi: ndalemba poyera chifukwa makalata awiri amene ndinakutumizirani sanayankhidwe.

Ndine manijala wa sitolo imene ili ndi nyumba zitatu zosungiramo katundu, ndipo madzulo alionse 5 koloko pulogalamu yanu imanditumizira uthenga umodzi wophatikiza zolowa, zotuluka ndi zotsala m'nyumba zonsezo. Vuto lagona pa katundu amene timasamutsa kuchoka m'nyumba ina kupita m'nyumba ina.

Lolemba m'mawa tinali ndi makatoni 500 a sopo m'nyumba zonse pamodzi. Tsikulo tinagulitsa makatoni 25, ndipo cha m'ma 4 koloko tinakweza makatoni 40 m'galimoto kuchoka m'nyumba yaikulu kupita m'nyumba yachiwiri, kumene anakawatsitsa Lachiwiri m'mawa. Uthenga wanu unanena kuti atuluka makatoni 65 ndipo atsala 435, pamene zoona zake n'zakuti tinali ndi 475, popeza makatoni 40 aja anali adakali athu ngakhale kuti anagona panjira. Malire athu oitanitsira sopo wina ndi makatoni 450, choncho nditaona 435 ndinaimbira wotigulitsa n'kuitanitsa makatoni 100 amene sitinkawafuna, ndipo pano aunjikidwa m'kanjira kodutsa anthu chifukwa pamashelefu palibe malo.

Lachiwiri madzulo makatoni 40 omwewo anaonekera pa zolowa, ngati kuti abwera kuchokera kwa wotigulitsa. Ndinazindikira zimenezi nditaika uthengawo pambali pa zikalata zolandirira katundu, n'kupeza kuti tsikulo panalibe chikalata cha wotigulitsa ndi chimodzi chomwe, koma chosamutsira chokha chimene woyang'anira nyumba yachiwiri anasaina. Kunena zoona, ngati ndiyenera kufufuza zikalata za nyumba iliyonse kuti ndikhulupirire uthenga wanu, ndiye kuti uthengawo sukundichotsera ntchito ina iliyonse.

Nyumba iliyonse payokha ikuwerengedwa bwino, pakuti yaikulu inatulutsadi 40 ndipo yachiwiri inalandiradi 40. Cholakwika chikubwera pophatikiza, pamene pulogalamuyo ikungowonkhetsa zotuluka zonse osasiyanitsa chimene chapita kwa kasitomala ndi chimene changosintha malo.

Ndikupempha kuti zosamutsidwa zikhale ndi mzere wakewake, zisasakanikirane ndi zogulitsidwa kapena zogulidwa, komanso kuti katundu amene wanyamuka koma sanalandiridwe pofika nthawi yotseka tsiku azilembedwa kuti ali panjira, n'kuwerengedwa pa zotsala zonse. Mzerewo uzionetsanso tsiku limene ananyamuka, kuti katoni ikatha masiku atatu isanafike ndidziwe msanga woti ndimufunse.

Chonde ndiyankheni pompano kuti mukonza liti, chifukwa Lachisanu tikusamutsanso katundu madzulo.