Za moni wa masiku ano

Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za moni. Mwezi wathawu ndinapita ndi mdzukulu wanga wokulira ku Ndirande kukaona agogo ake aakulu ku Ntcheu. Titangolowa pabwalo, mnyamatayo ali chiimirire anati, "Bo, agogo?" Gogoyo anangomuyang'ana, kenaka n'kundifunsa ngati mwanayu wafika kale kapena akadali m'njira.

Kwathu mlendo sayamba ndiye kupereka moni. Amati "Odi", amuyankha "Odini", ampatsa mpando kapena mphasa, akhala pansi. Apo m'pamene mwinikhomo amabwera, kugwirana naye chanza dzanja lamanzere litachirikiza lamanja, n'kufunsa kuti "Muli bwanji?" Yankho silithera pa "Ndili bwino, kaya inu?" Amafunsanso za kumene mwachokera, za ana, za mvula, ngakhale za odwala amene anamva mphekesera chabe. Moniwo ndiyo nyuzi ya pamudzi, n'chifukwa chake sauthamangira.

Sindikudana ndi "Bo", "Shapu" kapena "Zikuyenda?" ayi. Pa depoti ya minibasi palibe nthawi yofunsa za mbuzi za kwanu, ndipo inenso kondakitala akati "Bo mdala" ndimangoti "Bobo". Chimene chimandiwawa n'chakuti ana ambiri sakudziwanso posinthira. Moni wa pa WhatsApp akulowa nawo pa khonde la apongozi, mpaka pa siwa, pamene munthu amayenera kukhala kaye chete asanapepese anamfedwa.

Mdzukuluyo pobwerera anagwada potsanzika. Gogo anamuninkha nkhuku.

Wowerenga wanu,
ku Chilomoni