Kalata yotseguka kwa Mkulu wa kampani yomwe imandigulitsa intaneti ku Limbe

Bwana Mkulu,

Imelo yanga ya dandaulo sinayankhidwe, n'chifukwa chake ndabwera poyera.

Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kutumizira anthu makalata ku Limbe. Chiyambire mwezi watha intaneti kulibe, chonsecho ndinalipiriratu mwezi wonse. Pa kabokosi komwe munaika pakhoma, getsi lolembedwa LOS likuphethira mofiira. Amisiri anu akudziwa tanthauzo lake: kuwala koyenda m'chingwe cha faiba sikukufika m'kabokosiko. Chingwecho chinaduka lole itachikola pa polo yapakona, ndipo nsonga yake ili m'ngalande, ana akuidumpha popita kusukulu. Chithunzi ndinakutumizirani. Nanga bwanji nthawi zonse ndikaimba foni amandiuza kuti ndizimitse kabokosi kenaka ndiyatsenso? Kuzimitsa ndi kuyatsa kungalumikize chingwe choduka?

Ndikuuzeni za mayi wina wa ku Bangwe. Anabwera ndi mwana wake wamkazi pa tsiku lomaliza lotumiza makalata ofunsira ntchito, satifiketi ya MSCE ataikulunga m'jumbo kuopa mvula. Ndinajambula mapepala onse bwinobwino, n'kuyesa kutumiza kudzera pa bandulo ya pafoni yanga. Mzere wa pakompyuta unafika pakati n'kuima. Tinayambiranso, unaimanso pomwepo. Pofika nthawi yotsekera, mtsikanayo anali chete, akungopinda jumbo ija. Mayi ake ananditambasulira ndalama, ine ndinakana kulandira. Ndikanalandira ya chiyani?

Zina ndingotchula mothamanga. Makasitomala athawira kwa anzanga, lendi ikundidikira, mabandulo akudya kaphindu konse. Nambala ya dandaulo munandipatsa, koma aliyense woyankha foni amayamba kundifunsa ngati nkhani yatsopano. Uthenga wondikumbutsa kulipira mwezi uno wokha ndiwo unafika pa nthawi yake.

Sindikukunyozani, bwana. Chingwe chimaduka, ndipo lole ija sinali yanu. Koma pondilembetsa, anyamata anu anabwera okha pakhomo, nalonjeza kuti vuto likagwa mmisiri sachedwa. Anali okoma pakamwa tsiku limenelo. Lero ali kuti?

Zomwe ndikufuna ndi izi. Tumizani mmisiri ndi makina olumikizira faiba sabata ino, ndipo akweze chingwecho pamwamba kuti lole ina isachikolenso. Masiku onse omwe ndakhala opanda intaneti, kuyambira tsiku lomwe munalandira dandaulo langa, muwachotse pa bilu ikubwerayi kapena mundibwezere ndalama zake. Musandiuze zoti mwandionjezera bandulo pa chingwe chakufa. Yankho libwere lolembedwa, lokhala ndi dzina la wondiyankhayo.

Sabata ikatha muli chete, nditenga nambala ya dandaulo, malisiti ndi chithunzi chija kupita nazo ku MACRA, bungwe lomwe limakupatsani chiphaso chogwirira ntchito.

Ine kasitomala wanu,
Mwini shopu, Limbe