Kwa kampani yotipatsa intaneti: bwerani mudzasinthe adiresi ya kabokosi kamene munatiikira

Akuluakulu, ndaganiza zolemba poyera chifukwa pa foni zakanika. Ndikangoimba, yankho lanu limakhala lomwelo: kumbali yanu zonse zili bwino, ndizimitse rauta ndi kuyatsanso. N'zoona kuti kumbali yanu zili bwino. Vuto lili m'kati mwa nyumba muno, koma analisiya ndi wantchito wanu, ndipo pasiwedi yolowera m'zipangizo kuti munthu akonze muli nayo ndinu.

Intaneti inayamba kudukaduka wantchito wanu atabwera kudzaika kabokosi kachiwiri kowonjezera wayifayi kuti izifika kuzipinda zakumbuyo. Anakalumikiza ndi waya ku rauta yaikulu, anaona kuti foni yake yagwira, n'kunyamuka. Sanasinthe adiresi imene kabokosiko kanabwera nayo kuchokera kufakitale, yomwe ndi 192.168.1.1. Rauta yaikulu nayonso ili pa 192.168.1.1. Ndiye kuti pa netiweki imodzi pali zipangizo ziwiri zoyankha pa adiresi imodzi, ndiponso adiresi yakeyo ndi khomo limene chilichonse chopita kunja chimadzera.

Ndifotokoze chifukwa chake kudukako kumabwera n'kuchoka, poti apa ndi pamene ogwira ntchito anu pa foni amandikayikira. Kompyuta ikafuna kutumiza kanthu kunja, sikwanitsa ndi adiresi ya IP yokha. Imayamba yafunsa zipangizo zonse za pa netiweki kuti mwini wa 192.168.1.1 ndani, ndipo mwiniwakeyo amayankha potchula nambala yake ya MAC, imene imakhala ya chipangizo chimodzi chokha. Kafunsidwe kameneka ndi kamene kamatchedwa ARP. Kompyuta imalemba yankholo, imaligwiritsa ntchito kwa kanthawi kochepa, kenako imatsimikizanso. ARP ilibe njira yodziwira kuti woyankhayo ndi mwini weniweni. Zili ngati kalasi ya ana awiri a dzina limodzi: mphunzitsi akaitana onse amavomera, ndipo kope limapita kwa amene dzanja lake laoneka. Kompyuta ikalemba nambala ya rauta, zinthu zimayenda. Ikalemba ya kabokosi kachiwiri, zonse zopita kunja zimathera pamenepo, chifukwa kabokosiko kalibe njira yakeyake yotulukira ku intaneti.

Foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse imasunga yankho lakelake. N'chifukwa chake wina amakhala akuonera vidiyo bwinobwino pamene ine, mpando womwewo, msonkhano wa kuntchito waima ndipo nkhope za anzanga zauma pa sikirini. Kachizindikiro ka wayifayi kamakhala kodzaza nthawi yonseyi. Mnzanu wina atamva zimenezi anandiuza kuti ndiye kuti laputopu yanga ndi yakale. Zinandiwawa, chifukwa zoti chipangizo china chikugwira china ayi, kenako n'kusinthana, ndi chizindikiro chenicheni cha vuto limeneli.

Munandiuzanso kuti ndiyese `ping 192.168.1.1`, lamulo loona ngati adiresi ikuyankha, ndipo itayankha munati netiweki ya m'nyumba ilibe vuto. Kuyesa kumeneko sikungagwire vutoli ngakhale pang'ono. Adiresiyo iyankha nthawi zonse, poti zipangizo zonse ziwiri zimaiona ngati yawo. Pa nthawi yomweyo `ping 8.8.8.8`, yoyesa adiresi ya kunja pa intaneti, imakhala ikungolemba `Request timed out.` mzere ndi mzere. Funso loyenera linali lakuti amene wayankhayo ndani, ndipo pa Windows limayankhidwa ndi lamulo ili:

```
arp -a
```

Intaneti ikamayenda, mzere wa adiresiyo umaoneka chonchi:

```
192.168.1.1    00-00-5e-00-53-1a    dynamic
```

Ikaduka, pa laputopu yomweyo, osakhudza waya uliwonse:

```
192.168.1.1    00-00-5e-00-53-c7    dynamic
```

Ndinatembenuza zipangizo zonse ziwiri n'kuwerenga timapepala tomata kunsi kwake. Nambala yoyamba ndi ya rauta, yachiwiri ndi ya kabokosi kanu. Palinso china chimene aliyense angaone popanda kulemba lamulo: mukalemba 192.168.1.1 pa burawuza, nthawi zina pamatseguka tsamba lolowera la rauta, nthawi zina la kabokosi, mitundu yake ndi yosiyana. Ndipo ndikazula waya wa kabokosiko kudukako kumatheratu. Kungoti zipinda zakumbuyo zimatsala zopanda wayifayi, chomwe ndinakulipirirani kuti mukonze.

Kuzimitsa ndi kuyatsa rauta kumaoneka ngati kwathandiza, sindikukana. Foni ndi makompyuta zimalumikizananso, zimafunsa mwatsopano, ndipo zambiri zimapeza nambala yolondola. Koma kabokosi kaja kakadali pompo ndi adiresi yomweyo, choncho pakapita kanthawi zimayambiranso. Inu pa nthawiyo mumakhala mwatseka kale dandaulo langa n'kulemba kuti lathetsedwa. Ndikaimbanso ndimapeza munthu wina, ndi kuyambanso kufotokoza kuchokera pachiyambi.

Kukonza kwake si ntchito yaikulu. Munthu achotse kaye waya wochokera ku rauta, alumikize laputopu ku kabokosiko kokha kuti asasokonezeke kuti walowa m'chipangizo chiti, asinthe adiresi yake kukhala 192.168.1.2. Aonenso ngati DHCP ya kabokosiko, imene imagawa maadiresi kwa zipangizo, ili yoyaka n'kuizimitsa, chifukwa wogawa maadiresi pa netiweki ngati ino ayenera kukhala mmodzi, rauta basi. Kenako alowe mu rauta n'kuona pamene maadiresi ogawidwa amayambira. Ngati akuyambira pa 192.168.1.2, awasunthe kuti ayambire pa 192.168.1.100. Akapanda kutero, tsiku lina kabokosi katazima rauta idzapereka 192.168.1.2 kwa foni ya mlendo, kabokosiko kakadzayaka mkangano udzabukanso, ngakhale kuti ulendo umenewo udzavutitsa zipangizo ziwirizo m'malo mwa nyumba yonse.

Zonsezi ndikanachita ndekha. Koma wantchito wanu anaika pasiwedi yake pa zipangizo zonse ziwiri ndipo mukuti simupereka kwa makasitomala. Ndikadina kabatani kobwezeretsa kabokosi mmene kanabwerera, pasiwediyo ichoka, koma munandichenjeza kuti ndikatero ndiye kuti ndadzichotsera ufulu wothandizidwa. Rautayo sindingaikhudze n'komwe, poti ndikaibwezeretsa zimene munaikamo zolumikizira kwa inu zifufutika. Mwandimanga manja, kenako mukundiuza kuti vuto ndi la kwathu.

Ndikupempha kuti mutumize munthu, kapena mundipatse pasiwedi ya zipangizo zimene zili m'nyumba mwanga. Akabwera asayese ndi foni yake kwa mphindi imodzi n'kumapita, chifukwa pa mphindi imodzi vutoli limatha kubisala. Alembe `arp -d 192.168.1.1` pa kompyuta yotsegulidwa ndi mphamvu za woyang'anira, ayese `ping`, aone `arp -a`, abwereze kangapo, ndipo nambala ya MAC ikhale ya rauta ulendo uliwonse. Muonenso ndalama za masiku amene ndalipira intaneti yosadalirika, mundibwezere kapena muwonjezere masiku.

Ndipo uzani amene amatiyankha pa foni kuti kasitomala akanena kuti wayifayi ndi yodzaza, intaneti ikudukaduka, ndipo m'nyumba mwaikidwa kabokosi kachiwiri posachedwapa, azifunsa kaye adiresi ya kabokosiko. Ngati wantchito uja amaika chonchi kulikonse kumene wapita, si ine ndekha amene ndikuzimitsa rauta usiku uno. Nambala ya dandaulo langa ndakutumizirani kale kumbali, pamodzi ndi zithunzi za mizere iwiri ija ndi za timapepala ta kunsi kwa zipangizo.