Gemu imene munatipangira ikudzitseka yokha ikangochoka mu edita, ndipo vuto si makompyuta athu

Akuluakulu, ndalemba pano poyera chifukwa ku inibokosi kwanu yankho limakhala limodzi lomwelo: "Kwathu ikuyenda bwinobwino." Sindikutsutsa. Pa laputopu yanu, mkati mwa edita ya Godot, pulogalamu yopangira magemu, mukadina F5 gemu imayendadi, ndipo kanema amene munanditumizira ndinamuona. Koma tinapangana kuti mutipatse gemu yoti ana azitsegula okha pa makompyuta ndi matabuleti a pamalo pathu pophunzirira ku Chibavi, pomwe palibe edita. Gemu imeneyo, ya `.exe` ija, ikufa pamalo amodzimodzi nthawi zonse.

Kwa amene mukuwerenga osadziwa nkhaniyi, ndi gemu ya makadi 40 a zithunzi za nsomba, mbalame ndi mitengo. Mwana amaona chithunzi n'kusankha dzina lake. Imatseguka bwino, tsamba loyamba limaoneka, kanyimbo kamalira. Mwana akangodina batani la "Yamba", sikirini imaima kamphindi kenaka windo lonse n'kusowa, popanda uthenga uliwonse. Ndalama yonse ndinamaliza kulipira pa foni tsiku lomwe munatumiza fayiloyo.

Mwandiuza kuti makompyuta athu ndi akale, kuti mwina ndi madiraiva a zithunzi, mwinanso antivairasi. Makompyutawo ndi akaledi, ena tinagula ogwiritsidwa kale ntchito. Koma ndinatenga pulojekiti imene munandipatsa monga mwa mgwirizano wathu, n'kuitsegula mu edita pa kompyuta yomweyo imene gemu ikuferapo, ndipo inayenda mpaka khadi lomaliza. Diraiva yake ndi yomweyo, memore yake ndi yomweyo. Komanso gemu ikamakanika chifukwa cha khadi la zithunzi la kompyuta, kawirikawiri imakanika potseguka penipeni, siidikira kuti mwana adine batani. Zikusiyana ndi ziwiri zokha basi: kuyendetsa mu edita ndi kuyendetsa gemu yotulutsidwa, yoti iziyenda payokha popanda edita.

Popeza inu simunafune kuyang'ana, ndinayang'ana ndekha. Godot amasunga fayilo yolemba zolakwika zimene gemu yakumana nazo, ndipo pa Windows imakhala apa:

```
%APPDATA%\Godot\app_userdata\<dzina la gemu>\logs\godot.log
```

Mzere womaliza m'fayilomo unali wakuti `Can't take value from empty array.` Kutanthauza kuti gemu inapita kukatenga khadi pamndandanda wa makadi n'kupeza mndandandawo ulibe kanthu. Makadi 40 aja apita kuti? Yankho lili m'khodi yanu, pamene mumasonkhanitsa zithunzi:

```
for f in DirAccess.get_files_at("res://cards"):
    if f.ends_with(".png"):
        cards.append(load("res://cards/" + f))
```

Mizere imeneyi imauza gemu kuti ilowe mufoda ya makadi, iwerenge mayina a mafayilo onse, itenge okhawo othera ndi `.png`. Mu edita izi zimatheka chifukwa fodayo ndi foda yeniyeni ya pa kompyuta, ndipo `chambo.png` alimodi, pambali pake pali kafayilo kena kotchedwa `chambo.png.import`. Koma potulutsa gemu, Godot satenga zithunzi zoyambirira zija. Amakhala atazisintha kale kukhala mtundu wake wa `.ctex` n'kuzisunga mufoda yobisika ya `.godot/imported`, ndipo zimenezo ndi zimene amalongedza m'phukusi la `.pck`. Mufoda ya makadi mumangotsala timafayilo ta `.import` tija, tomwe ntchito yake ndi kulozera kumene chithunzi chenicheni chili. Ndiye gemu ikafunsa kuti ndi mayina ati othera ndi `.png`, sipezanso ngakhale limodzi.

Izi sindikungoganizira. Ndinaonjezera mzere umodzi woti gemu isindikize mayina onse amene ikuona mufodamo, n'kuitulutsa nditachonga `Export With Debug`, n'kuitsegula kudzera pa fayilo ya `.console.exe` kuti ndizitha kuwerenga zimene ikulemba. Mu edita munatuluka mayina 80, theka zithunzi, theka timafayilo ta `.import`. M'gemu yotulutsidwa munatuluka 40, onse othera ndi `.import`. Ntchito yonseyi sinatenge nthawi yoposa yoti munthu amwere tiyi, ndipo simafuna bandulo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zithunzizo zilimo m'gemu. Mukalemba `load("res://cards/chambo.png")` mwachindunji, Godot amatsatira kafayilo kolozera kaja n'kubweretsa chithunzicho ngakhale m'gemu yotulutsidwa. Chasokonekera ndi njira yanu yopezera mayina basi. Ana akhala osasewera chifukwa cha mzere umodzi.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji ikuchita kudzitseka m'malo mongoonetsa malo opanda chithunzi. Apanso pali kusiyana kumene munthu wogulitsa magemu ayenera kukudziwa. Mndandanda ukakhala wopanda kanthu, `pick_random()`, amene amasankha khadi pamndandandawo, amabweza `null`, kutanthauza kuti palibe chimene wapeza, ndipo mzere wanu wotsatira umafunsa kutalika ndi kutambalala kwa chithunzi chimene palibe. Mu edita, cholakwika chotere chimagwidwa: gemu imaima, mzere wolakwikawo n'kuonetsedwa. Gemu ikatulutsidwa ngati yomalizidwa, popanda kuchonga kabokosi kaja, macheke ambiri otere amachotsedwa kuti iziyenda msanga, ndiye imangogwa chamutu. Ndaonanso kuti munaikapo `assert(cards.size() > 0)` ngati chitetezo. Mzere wa `assert` suyendetsedwa n'komwe m'gemu yomalizidwa. Zili ngati kulemba mlonda amene amabwera masana okha pamene eni nyumba alipo. Pamafunika `if cards.is_empty():` weniweni, wotsatiridwa ndi uthenga pa sikirini woti makadi sanapezeke, kuti mphunzitsi adziwe chonena akamaimba foni.

Kukonza kwake si kwa sabata yathunthu monga munanenera. Pulojekitiyi munaipangira mu Godot 4.4, ndipo kuyambira pa 4.4 pali njira imene anaikira dala vuto lomweli:

```
for f in ResourceLoader.list_directory("res://cards"):
    if f.ends_with(".png"):
        cards.append(load("res://cards/" + f))
```

Imeneyi imabweza mayina monga amaonekera mu edita, kaya gemu yatulutsidwa kaya ayi. Amene akugwiritsabe ntchito Godot 4 wakale pang'ono atha kusaka mayina othera ndi `.png.import` n'kudula mchirawo ndi `trim_suffix(".import")`, popeza timafayilo timeneto timapezeka konsekonse. Kapena, popeza makadi athu sasinthasintha, mukanangowaika pamndandanda wa `@export` n'kuwakokeramo ndi mausi mu edita, osasakanso mufoda.

Nditasintha mzere umenewo pa kope langa, makadi anabwera, gemu sinafenso. Koma panatulukira china chimene chinabisala kuseri kwa choyambacho: mwana akayankha molondola, kabelu kamene kamalira mu edita sikalira. M'khodi munalemba `res://Sounds/correct.ogg` ndi S wamkulu, pamene foda yake ndi `sounds` ya s wamng'ono. Windows sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a mafayilo, ndiye mu edita zimadutsa. Phukusi la `.pck` limasiyanitsa, ndipo kwa ilo amenewa ndi mayina awiri osiyana. Chodabwitsa n'chakuti Godot anakuchenjezani. Nthawi iliyonse gemu ikayenda mu edita pa Windows, pansi pake pamatuluka chenjezo loyamba ndi mawu akuti `Case mismatch`, lonena kuti fayiloyi sidzatseguka gemu ikadzatulutsidwa. Ngakhale m'kanema wanu uja, amene munati ndi umboni woti zonse zili bwino, kanambala ka machenjezo kakuoneka pansi pa sikirini. Simunadinepo.

Zonsezi zikundiuza chinthu chimodzi, chomwe ndi dandaulo langa lenileni. Fayilo imene munanditumizira simunaitseguleko ngakhale kamodzi. Mukanaitsegula n'kudina "Yamba", ikanakuferani m'manja pa laputopu yanu yomweyo, chifukwa vutoli silisankha kompyuta. Munadina batani lotulutsa gemu, n'kutumiza, n'kufunsa ndalama yotsala. Kulakwitsa mzere wa khodi n'kwa aliyense, ndipo msampha wa `.import` wakola anthu ambiri ophunzira Godot. Chimene sindingalandire ndi kundiuza kuti ndikagule makompyuta atsopano musanayang'ane n'komwe fayilo ya zolakwika, imene ndinakutumizirani. Pali makolo amene anasonkha ndalama ya gemuyi, ndipo ndikanamvera malangizo anu ndikanapita kukawapemphanso ndalama ya makompyuta pa vuto losakhudza makompyuta.

Wina anena kuti popeza ndapeza vuto, ndingokonza ndekha nkhani ithe. Pa makompyuta ndingathedi. Pa matabuleti sindingathe bwinobwino, chifukwa fayilo ya `.apk` munaisainira ndi kiyi yanu, ndipo Android salola kuika gemu yosainidwa ndi kiyi ina pamwamba pa yakale. Ndiyenera kuyamba ndachotsa yanuyo pa tabuleti iliyonse, ndipo tsiku limene mudzatumize makadi oonjezera amene tinapangana, tidzayambanso kuchotsa ndi kuika. Ya pa tabuletiyo ikufanso pa batani lomwelo, poti khodi yake ndi imodzi. Komanso ndamva kuti gemu yomweyi mukuitsatsa kwa ena a ku Luwinga ndi ku Katoto mutangosintha zithunzi. Iwowo mwina alibe munthu wodziwa kutsegula `godot.log`, adzangokhulupirira kuti makompyuta awo ndi otha ntchito.

Ndikupempha kuti mukonze mizere iwiri ija, muike uthenga wooneka pa sikirini makadi akasowa, ndipo mufufuze m'pulojekiti yonse malo ena pamene mwagwiritsa ntchito `DirAccess` pa `res://`, chifukwa foda ya mawu a mbalame ndaona kuti mukuiwerenga mwanjira yomweyo. Mukatero mutulutse `.exe` ndi `.apk` zatsopano, muike `.exe` pamodzi ndi `.pck` yake pa fulashi, mukaitsegulire pa kompyuta ina yopanda Godot, musewere mpaka khadi la 40. Kanema amene munditumizire ulendo uno akhale wa gemu imeneyo, windo la edita lisaonekemo. Ngati simungathe kuchita zimenezi pofika Lachisanu, mundipatse kiyi yosainira ija ndi kubweza gawo lomaliza la ndalama, ndimalize ndekha. Muyankhe pompano pamene ena akuona, ku inibokosi sindibwereranso.